Kufotokoza chithunzi cha msewu wodzaza anthu m'mphindi imodzi pa mayeso olankhula

Pa mayeso a Chingerezi a Cambridge otchedwa B1 Preliminary, gawo lachiwiri la mayeso olankhula limayenda chonchi: woyesa amakupatsani chithunzi chimodzi chamitundu, n'kukuuzani mwachidule kuti chikuonetsa chiyani, kenako amati mufotokoze zimene mukuona. Mumalankhula nokha kwa mphindi imodzi kapena kuyandikira pamenepo. Nthawi yoti mukonzekere kapena kulemba manotsi palibe. Mnzanu amene mwalowa naye amangomvetsera, ndipo mukamaliza, iyenso amalandira chithunzi chake chosiyana ndi chanu. M'chipindamo mumakhala oyesa awiri: wina amalankhula nanu, winayo amakhala chapambali n'kumamvetsera ndi kulemba malikisi.

Musanayambe kuyeserera, tsimikizani kaye kuti mayeso anu ndi ati. Pa IELTS sapereka chithunzi, amapereka khadi lolembedwa mutu woti mulankhulepo. Pa B2 First zithunzi zimakhala ziwiri ndipo ntchito ndi kuziyerekeza. Zimene zili pansipa ndi za chithunzi chimodzi, mphindi imodzi.

Ambiri amaopa kuti mawu awathera. Pa chithunzi cha msewu wodzaza anthu vuto limakhala lina: zoona zimachuluka kwambiri, moti munthu amangoyamba kutchula. "Ndikuona basi. Ndikuona mayi. Ndikuona njinga. Ndikuona mashopu. Ndikuona anthu ambiri." Zimamveka ngati munthu akuwerengetsa katundu wa m'golosale. Pofika masekondi 25 watchula zonse, diso likuyendayenda pachithunzi kufuna china chotsala, ndipo m'chipinda muli zii. Wotereyu zinthu waziona ndithu, koma sanapatse woyesa chilichonse choti amuyesere.

Wolemba malikisi uja amamvetsera zinthu zinayi pa mayeso onse olankhula: galamala pamodzi ndi mawu amene mukudziwa, kalumikizidwe ka zimene mukunena, katchulidwe, ndiponso mmene mukuyankhulirana ndi ena. Gawo la chithunzi ndi pomwe kalumikizidwe kamaonekera poyera, chifukwa palibe wokuthandizani ndi funso. Malikisi sachokera pa kuchuluka kwa zinthu zimene mwatchula. Mutha kusiya theka la zimene zili pachithunzi osazikhudza, n'kukhozabe bwino, bola zimene mwasankhazo mwazifotokoza mokwanira komanso motsatana.

Tiyeni titenge chithunzi chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Muli msewu wa m'tauni yaikulu. Chapakati, kufupi ndi wojambula, mayi wovala jekete yofiira akuwoloka pa mizere yoyera atagwira mwana. Kumanzere kwaima basi yachikasu ndipo anthu ali pamzere. Kumanja kuli bambo wogulitsa zipatso ndi mtsikana amene akugula. Chakumbuyo kuli mashopu, nyumba zosanja ndi mnyamata wapanjinga. Msewu ndi wonyowa. Palinso zikwangwani, maloboti, galu, nkhunda ndi bini ya zinyalala.

Masekondi oyamba: sankhani njira ya diso

Pamene woyesa akukupatsani chithunzi n'kumanena mawu ake, muli ndi masekondi ochepa oti muyang'ane. Musawerenge zinthu. Pezani munthu mmodzi amene akuoneka bwino kuposa onse, kawirikawiri amene ali kutsogolo kapena wovala mtundu wowala. Pachithunzi chathu ndi mayi wa jekete yofiira. Ameneyo ndiye poyambira panu. Kuchokera pa iye, diso lipite mbali imodzi, kenako mbali inayo, kenako kumbuyo. Njira imeneyi muitsatire osabwerera, chifukwa ndi imene imakuuzani chonena chotsatira pamene mutu waima.

Mvetseraninso chiganizo chimene woyesa wanena popereka chithunzi. Akati chikuonetsa anthu ali m'tauni, wakupatsani kale chiganizo chanu choyamba. Chinenereni m'mawu anu n'kuwonjezerapo kanthu kamodzi, monga nthawi ya tsiku kapena mmene kunja kulili.

Mphindiyo muigawe chonchi m'maganizo mwanu. Masekondi 10 oyamba ndi a chithunzi chonse. Masekondi pafupifupi 20 otsatira ndi a munthu wamkulu uja ndi amene ali naye. Ena 20 ndi a mbali ziwiri ndi kumbuyo. Otsalawo ndi a nyengo ndi mmene malowo akuonekera. Simudzakhala ndi wotchi m'manja, koma mukayeserera kangapo kagawidwe kameneka kamakhazikika kokha.

Chitsanzo chonse

Chitsanzochi chili m'Chichewa kuti muone bwino mmene maganizo akutsatirana. Pa mayeso mudzalankhula Chingerezi, ndipo mudzafunika kumanga ziganizo zanu, osati kumasulira izi liwu ndi liwu.

"Chithunzichi chikuonetsa msewu wa m'tauni wodzaza anthu ndi magalimoto, ndipo zikuoneka kuti ndi masana. Kutsogolo, chapakati, mayi wovala jekete yofiira akuwoloka msewu. Dzanja limodzi wagwira mwana wamng'ono, linalo wanyamula chikwama chachikulu chakuda. Mwanayo akuloza basi yachikasu imene yaima kumanzere, pomwe anthu angapo ali pamzere kudikira kukwera. Kumanja, bambo wachikulire akugulitsa zipatso patebulo, ndipo mtsikana wina akumupatsa ndalama. Kumbuyo kwawo kuli mashopu ndi nyumba zazitali zosanja, ndipo mnyamata wovala chipewa akudutsa pa njinga. Msewu ndi wonyowa ndipo anthu ena anyamula maambulera, choncho ndikuganiza kuti mvula yangokata kumene. Ngakhale kuli piringupiringu, mayi uja akuoneka wodekha, chifukwa magalimoto onse aima kumudikira."

Werengani mokweza mosathamanga muone wotchi. Ziganizo ndi 8 zokha, koma zikudzaza mphindi. Mukamayankhula Chingerezi pa liwiro la munthu amene akuganiza akulankhula, ziganizo 8 mpaka 10 zautali wotere zimakwana. Taonani zimene zasiyidwa: galu, nkhunda, zikwangwani, maloboti, bini. Sizinaiwalike. Zasungidwa kuti zithandize ngati nthawi yatsala.

Chifukwa chake chitsanzochi chikuyenda

Chiganizo choyamba chikuyankha mafunso awiri nthawi imodzi: kuno n'kuti, ndipo kukuchitika chiyani. Munthu amene sakuona chithunzicho akamva chiganizo chimenechi, wadziwa kale mtundu wa malo. Yesetsani kulankhula ngati mukufotokozera munthu amene chithunzicho sakuchiona. Mukamakumbukira kuti woyesa akuchiona, mumayamba kudumpha zinthu poganiza kuti n'zoonekeratu, pamene zoonekeratuzo ndi zimene akufuna kumva mukuzinena.

Mbali yofunika kwambiri ndi ya mayi uja, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo. Munthu mmodzi amapereka zonena zinayi: ali pati pachithunzi, wavala chiyani, akuchita chiyani, wanyamula chiyani kapena ali ndi ndani. Wotchula zinthu uja amamaliza naye m'masekondi awiri ndi mawu akuti "ndikuona mayi". M'chitsanzo chathu mayi yemweyo watenga ziganizo ziwiri zathunthu, ndipo m'ziganizomo mwalowa mawu osonyeza malo, mitundu iwiri, kukula kwa chinthu ndi aneni atatu osiyana: kuwoloka, kugwira, kunyamula. Apa m'pamene woyesa amamva kuti Chingerezi chanu chafika pati. Mukayesa mafunso anayi omwewa pa bambo wogulitsa zipatso, muona kuti nayenso atha kudzaza masekondi 15 payekha: waima kuseri kwa tebulo, wavala malaya oyera, akulandira ndalama, patsogolo pake pali malalanje ndi nthochi. Ndiye kuti anthu atatu okha atha kudzaza mphindi yonse.

Kenako taonani mmene chitsanzo chikuchokera pa mayi kupita pa basi. Sichikunena kuti "palinso basi". Chikuti mwana akuloza basi, basiyo yaima kumanzere, pomwe anthu ali pamzere. Chinthu chimodzi chikutengera ku chinzake. Pa msewu wodzaza anthu maulalo otere amakhalapo ambiri mukawafuna: wina akuyang'ana wina, wina waima pafupi ndi chinthu, wina akudutsa kumbuyo kwa mnzake. Mawu osonyeza malo ndi amene amagwira ntchito imeneyi, choncho phunzirani bwino m'Chingerezi mawu a kutsogolo, kumbuyo, kumanzere, kumanja, pakati, pafupi ndi, moyang'anizana ndi. Kumanzere ndi kumanja muziwerengera kwa inu amene mukuyang'ana chithunzi, osati kwa anthu a m'chithunzimo.

Ziganizo ziwiri zomaliza zili ndi kuganizira pang'ono, koma kulikonse kwatsamira pa chinthu chooneka. Mvula yangokata chifukwa msewu ndi wonyowa ndipo pali maambulera. Mayi ndi wodekha chifukwa magalimoto aima. Kuganizira kotere ndi kwabwino chifukwa kumakupatsani mpata wogwiritsa ntchito alumikizi monga "choncho", "chifukwa" ndi "ngakhale". Koma pali malire. Malangizo a Cambridge pa gawoli amati kufotokoza kukhale kosavuta, ndipo woyesedwa asapite kutali ndi nkhani zazikulu zimene chithunzi chingadzutse. Mukayamba kunena kuti mayiyu akuthamangira kuchipatala chifukwa mwana wadwala, kapena kudandaula za kuthithikana kwa magalimoto m'mizinda ya masiku ano, mwachoka pa ntchito imene mwapatsidwa. Ine ndimaona kuti chiganizo chimodzi kapena ziwiri zoganizira ndi zokwanira, ndipo zibwere kumapeto, zooneka zitanenedwa kale.

Kusamutsira m'Chingerezi

Pafupifupi aneni onse a m'chitsanzo ali m'nthawi ya zimene zikuchitika pompano: akuwoloka, akuloza, akugulitsa, akudutsa. Chingerezi chili ndi nthawi yakeyake ya zimenezi, imene imafuna mawu awiri, mneni wothandiza ndi mneni weniweni wokhala ndi mchira wake. Cholakwa chofala ndi kusiya mneni wothandizayo, kapena kugwiritsa ntchito nthawi ya zochitika masiku onse, moti chiganizo chimamveka ngati mukuti mayiyo amawoloka msewu tsiku lililonse. Ngati pali chinthu chimodzi cha galamala choti muchikonze musanalowe, ndi chimenechi, chifukwa chimabwera pafupifupi m'chiganizo chilichonse. Chingerezi chimagwiritsanso nthawi yomweyi pa zovala ndi zonyamula, pamene ife timati wavala, wanyamula. Mukamasulira mwachindunji mugwera m'nthawi ina.

Chachiwiri ndi alowam'malo. M'Chichewa "iye" ndi "akuyenda" zimakwanira mwamuna ndi mkazi yemwe, koma Chingerezi chimasiyanitsa. Pa chithunzi cha munthu mmodzi kusokoneza kumeneku sikupweteka kwambiri. Pa chithunzi chathu pali mayi, bambo, mtsikana ndi mnyamata, ndiye mukatchula mayi ndi mlowam'malo wa mwamuna, womvera amaganiza kuti mwadumphira kwa wogulitsa zipatso. Njira yosavuta ndi yakuti mukasamukira kwa munthu wina, mutchule kaye dzina lomusonyeza, monga bambo wa patebulo, kenako mlowam'malo abwere pambuyo.

Pa katchulidwe, oyesa safuna kuti mumveke ngati munabadwira ku London. Amafuna kuti mumveke bwinobwino. Samalani mawu amene kusintha kwa phokoso limodzi kumasintha tanthauzo, makamaka pa l ndi r, chifukwa mawu angapo a mumsewu ali ndi zilembo zimenezi, kuphatikizapo a msewu weniweniwo, kumanja, mtundu wofiira ndi magetsi a pamaloboti.

Mukasowa liwu

Zithunzi za mayeso zimaonetsa moyo wa tsiku ndi tsiku, koma nthawi zambiri ndi wa m'mayiko ena. Mutha kuona sitima yamagetsi yoyenda pakati pa msewu, kapena kangolo koyendetsera khanda, n'kusowa dzina lake. Musaime, ndipo musafunse woyesa, chifukwa pa gawoli sangakuuzeni liwu. Nenani chinthucho chikufanana ndi chiyani kapena ntchito yake: "galimoto yaitali yonga basi imene ikuyenda pa njanji", "kangolo kamene amagonekamo mwana". Kuzungulira liwu chonchi sikukuchotserani ulemu kwa woyesa. Kumasonyeza kuti mutha kupitiriza kulankhula ngakhale liwu lasowa, ndipo limeneli ndi luso limene amaliyembekezera pa mlingo wa B1. Komanso kumbukirani kuti palibe lamulo loti mutchule chilichonse. Ngati chinthu chili pakona ndipo simukuchidziwa, chisiyeni.

Mukamaliza nthawi isanakwane, kapena nthawi ikakutherani

Mukakhala chete nthawi ikadalipo, woyesa atha kukukumbutsani kuti mulankhule za anthu, za malo, kapena za zinthu zina za m'chithunzi. Si tsoka, koma ndi bwino kudzikumbutsa nokha asanatero. Apa m'pamene zosungidwa zija zimatuluka. Bwererani ku mbali imene munadutsa mwachangu n'kuifunsa mafunso anayi aja. Anthu a pamzere wa basi: alipo angati, avala chiyani, wina akuyang'ana foni kodi? Kenako galu amene wagona pafupi ndi tebulo la zipatso, kenako zikwangwani za pamwamba pa mashopu. Musanene kuti "basi, ndamaliza". Pitirizani mpaka woyesa akuthokozeni.

Akakudulani pakati pa chiganizo ndi mawu othokoza, musadandaule. Zikungotanthauza kuti mphindi yakwana mukulankhulabe, ndipo n'zimene zimafunika. N'chifukwa chake zofunika kwambiri zimayikidwa koyambirira. Chitsanzo chathu chitadulidwa chiganizo chomaliza chisananenedwe, sichingaonongeke.

Mmene mungayeserere

Pezani zithunzi zingapo za misewu, za m'nyuzipepala kapena zojambula nokha ndi foni. Chithunzi cha pa depoti ya minibasi ku Lilongwe kapena mumsewu wa ku Limbe n'chabwino poyambira, chifukwa zinthu zake mukuzidziwa ndipo mutu umangolimbana ndi chilankhulo. Koma sakanizani ndi za mizinda yakunja kuti diso lizolowere zachilendo.

Tembenuzani chithunzi, yatsani chojambulira mawu pafoni, tchererani wotchi pa masekondi 60, kenako chiyang'aneni n'kuyamba pomwepo. Musadzipatse nthawi yoganiza imene pa mayeso simudzakhala nayo. Mukamaliza, mvetserani kawiri. Ulendo woyamba muzingoyang'ana wotchi: munayamba kusowa chonena pa sekondi iti? Ngati ndi pa 25 kapena 30, ndiye kuti mukutchulabe zinthu m'malo mozifotokoza, ndipo mankhwala ake ndi kuchedwa pa munthu woyamba. Ngati wotchi inalira mukadali pa munthu woyambayo, mwachedwapo mopitirira, ndipo muyenera kusamuka mukanena ziganizo ziwiri kapena zitatu. Ulendo wachiwiri muwerenge kuti mawu akuti "ndikuona" kapena "pali" mwayamba nawo ziganizo zingati. Zikapitirira zitatu, sinthani zina kuti ziyambe ndi malo kapena ndi munthu: "kumanja, bambo akugulitsa", m'malo mwa "pali bambo".

Kenako bwerezani chithunzi chomwecho kamodzi kokha, mukukonza chinthu chimodzi chimene mwapeza, n'kupita pa china. Kubwereza chithunzi chimodzi kakhumi kumasanduka kuloweza, ndipo zoloweza zimamveka: liwiro limakhala lofanana paliponse ndipo mawu sagwirizana ndi chithunzi chatsopano. Zoyenera kuloweza ndi zidutswa zazifupi zokha, monga mawu oyambira, mawu a malo, ndi njira ziwiri kapena zitatu zonenera kuti "zikuoneka ngati".

Ngati muli ndi mnzanu, muyeso wabwino kuposa foni ndi uwu. Akhale mokufulatirani ali ndi pepala ndi pensulo, osaona chithunzi. Inu mufotokoze kwa mphindi imodzi, iye azijambula mwachisawawa zimene akumva, timizere ndi timabokosi basi. Mukamaliza, ikani pepala lake pambali pa chithunzi. Ngati basi waiika kumanja pamene ili kumanzere, kapena wafunsa kuti mwana uja ali ndi ndani, mwadziwa chiganizo chenicheni chimene sichinamveke, ndipo n'chimene muyenera kuchimanganso musanatenge chithunzi china.